Masewera a Pakanema: Chimbale N'chanu, Chilolezo N'chamwini

Pa misika ya mu Chipata, ngakhalenso ku Katete ndi ku Chadiza, masiku ano sipasowa tinyumba m'mene anyamata amalipira ndalama pang'ono kuti asewere mpira pakanema ndi makina a PlayStation. Makolo ena agulitsa nshawa kapena fodya kuti athandize mwana kuyamba malonda otere. Tsono musanatulutse ndalama, nkofunika kudziwa kuti masewerawa amagulidwa m'njira ziwiri zosiyana kwambiri.

Njira yoyamba ndiyo ya chimbale. Chimbale chifanana ndi njinga imene mwagula m'sitolo. Mungathe kuchibwereketsa kwa mnansi kapena kuchigulitsa mutasowa ndalama ya feteleza. Lamulo likuletsani kuchikopera ndi kugulitsa makope ake, koma chimbalecho n'chanu, ndipo ngakhale mwini sitolo atseke malonda ake, sadzabwera kudzachilanda.

Njira yachiwiri ndiyo kugula pa intaneti, m'sitolo yopanda zipupa. Apa chimene mulandira ndi chilolezo chosewera, cholembedwa pa dzina lanu m'kaundula wa kampani, amene amatchedwa akaunti. Zili ngati munda wobwereka: mulima ndi kukolola, koma simungaugulitse, ndipo mwini wake ndiye aika malire.

Nanga sitolo yotere ikatsekedwa, chimachitika n'chiyani? Zimadalira chifuniro cha kampaniyo. Pa 27 Malichi 2023 a Nintendo analeka kugulitsa masewera m'sitolo ya makina a Wii U ndi 3DS, ndipo pa 29 Julayi 2024 a Microsoft anachita chimodzimodzi ndi sitolo ya Xbox 360. Onse awiri analola amene anagula kale kukoperanso masewera awo, koma kugula atsopano kunatha. A Google, potseka Stadia mu Januwale 2023, anabweza ndalama kwa ogula, popeza masewerawo sakadaseweredwanso konse.

Nkhani yowawa ndi ya masewera a mpikisano wa magalimoto otchedwa The Crew, amene kampani ya Ubisoft inatulutsa mu 2014. Masewerawa sanali kuyenda popanda kulumikizana ndi makompyuta a kampaniyo. Mu Disembala 2023 analeka kugulitsidwa, ndipo kumapeto kwa Malichi 2024 makompyutawo anazimitsidwa. Kuyambira pamenepo onse anauma manja, ngakhale amene anali ndi chimbale. Apa tiphunzira kuti chimbale chimateteza mwini wake pokhapokha ngati masewerawo ali athunthu m'kati mwake. Chaka chomwecho boma la California ku America linakhazikitsa lamulo lakuti wogulitsa aziuza anthu poyera pamene chimene akugula ndi chilolezo chabe.

Kwathu kuno msampha waukulu uli pa makina ogwiritsidwapo kale ntchito. Tiyerekeze kuti mnyamata wagula PS4 yochokera ku Lusaka, ndipo wogulitsa wakweza mtengo chifukwa muli masewera khumi. Ngati masewerawo anagulidwa pa intaneti, chilolezo chawo chili pa akaunti ya mwini woyamba. Amayenda chifukwa makinawo analembetsedwa kuti ndiwo makina aakulu a akauntiyo, ndipo akaunti imodzi iloledwa PS4 imodzi yokha yotere. Tsiku limene mwini woyambayo adzalembetsa makina ena, ndipo a mnyamata uja n'kulumikizidwa ku intaneti, pa masewera onse khumi padzaoneka kachithunzi ka loko. Makasitomala adzabwerera pakhomo, ndipo kampani sidzamva dandaulo lake, pakuti m'kaundula wake mulibe dzina lake.

Kodi munthu angadziwe bwanji asanalipire? Choyamba, funsani kuti masewerawo ali pa akaunti ya yani. Ngati si yanu, lipirani mtengo wa makina okha. Chachiwiri, pogula chimbale werengani pa chikuto chake ngati palembedwa kuti intaneti ifunika, kenaka chiyeseni pa makina osalumikizidwa. Chikayenda bwino, chidzakutumikirani ngakhale kumudzi kumene netiweki imavuta. Chachitatu, mukagula pa akaunti yanuyanu, lembani makina anu pa malo otchedwa Activate as Your Primary PS4, kuti masewera aziyenda popanda intaneti, ndipo musunge mawu achinsinsi a akauntiyo monga musungira chitupa chanu. Akatayika osapezekanso, masewera onse apita nawo.

Chimbale nachonso chili ndi adani ake, ndiwo fumbi, dzuwa ndi kukandika, kotero chisungidwe m'chikuto chake. Koma kwa iye amene malonda ake adalira masewera awiri kapena atatu, akulu ananena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.