Pulogalamu Yolongolola Ikadzaza Disiki

Makampani ambiri amayendetsa mapulogalamu awo pa Kubernetes, chida chomwe Google inatulutsa mu 2014. M'menemo pulogalamu iliyonse imakhala m'kachipinda kotchedwa podi, ndipo mapodi angapo amagawana seva imodzi ndi disiki yake. Pa seva iliyonse pali kapitawo, dzina lake `kubelet`, yemwe ntchito yake ina ndi kuyang'anira malo otsala padisikipo.

Pulogalamu ikamagwira ntchito imalemba malogi, kutanthauza mbiri ya zomwe ikuchita. Ikamalemba kudzera pa `stdout`, kapitawo amadula faelo ikafika `10Mi` n'kusunga mafaelo asanu okha pa kontena iliyonse. Vuto limayamba pulogalamu ikamalemba m'faelo yakeyake m'kati mwa kontena kapena mu `emptyDir`. Kumeneko palibe wodula.

Tiyerekeze disiki ya magigabaiti 100, ndipo 40 ndi odzaza kale. Wina waiwala kuzimitsa `DEBUG`, nkhokwe ya deta yasiya kuyankha, pulogalamu ikungoyesanso n'kumalemba dandaulo lomwelomwelo, mamegabaiti awiri pa sekondi. Pa ola ndi magigabaiti 7.2. Ngati zonse zili padisiki imodzi, kapitawo amadzidzimuka malo otsala akatsika kupitirira 15 pa 100 alionse, choncho pakangodutsa maola asanu ndi limodzi zinthu zavuta. Seva imalembedwa `DiskPressure` ndipo imaleka kulandira mapodi atsopano. Kapitawo amayamba wataya zotsalira za makontena akale, zikakanika amayamba kuthamangitsa mapodi.

Posankha wochoka amayang'ana kaye amene adya malo oposa omwe anapempha, kenako udindo wa podi, pomaliza kukula kwa zomwe yapyoza. Ndiye ngati yolongololayo ili ndi udindo waukulu, mapodi osalakwa omwe sanapemphe malo ndi amene amayamba kuchoka.

Chosautsa kwambiri n'chakuti umboni umapita limodzi ndi wolakwa. Podi ikathamangitsidwa malogi ake aja amafufutika, disiki imapepuka, ndipo Kubernetes imadzutsa podi ina yofanana nayo, kawirikawiri pa seva ina, komwe imakayambiranso khalidwe lomwelo. Wobwera m'mawa amapeza disiki ili bwinobwino, koma mndandanda wa mapodi wadzaza ndi mawu akuti `Evicted`. Akafunsa ndi `kubectl describe pod` amawerenga izi:

```
The node was low on resource: ephemeral-storage.
```

Kugula disiki yaikulu n'kungochedwetsa tsoka ndi maola ochepa. Chothandiza ndi kuikira kontena iliyonse malire:

```yaml
resources:
  requests:
    ephemeral-storage: 1Gi
  limits:
    ephemeral-storage: 2Gi
```

Tsopano podi yopyola `2Gi` imathamangitsidwa yokha disiki isanadzaze, anzake osakhudzidwa. Malirewo satseka pakamwa pa pulogalamu ayi, kotero inu olemba mapulogalamu zimitsani `DEBUG` musanatumize ntchito kwa anthu, ndipo malogi azituluka pa `stdout`.