Zimene Zimachititsa Olemba Ntchito Kudumpha Munthu pa LinkedIn

Olemba anthu ntchito sawerenga mbiri ya aliyense amene ali pa LinkedIn. Amangolemba mawu angapo pamalo ofufuzira, monga dzina la udindo, luso limene akufuna ndi mzinda, ndipo makina amawatulutsira mndandanda wa mayina. Chimene diso limayamba kuona pamndandandapo ndi chithunzi, dzina, ndi kamzere ka pansi pa dzina kotchedwa "Headline". Ambiri amagwera pa kamzere kameneka.

Mwachitsanzo, akauntanti wa ku Blantyre amene ntchito yamuthera amalembapo kuti "Seeking opportunities", kutanthauza kuti akusaka mwayi. Ndi zoona ndithu, koma palibe wolemba ntchito amene amafufuza mawu amenewo. Iye amalemba "Accountant", mwina n'kuwonjezera "Sage" kapena "Payroll". Mawuwa akakhala kuti sakupezeka paliponse pa mbiriyo, dzina la munthuyo silitulukanso n'komwe, ngakhale atagwira ntchitoyo zaka 10. Kamzereka kamalola zilembo 220, zokwanira kulemba udindo, maluso awiri kapena atatu ndi pepala la maphunziro:

```
Accountant | Payroll, VAT, PAYE | Sage | ACCA
```

Mawu oyenera savuta kuwapeza. Munthu angawerenge zidziwitso zisanu za ntchito imene akuifuna n'kutola mawu amene akubwerezedwa, bola akhale a zinthu zimene amazidziwadi. Za kusaka ntchito zili ndi malo ake, otchedwa "Open to Work", ndipo mwini mbiri angasankhe kuti olemba ntchito okha ndiwo azione.

Amene wapezeka ndiye amawerengedwa, ndipo vuto lachiwiri lili pofotokoza ntchito zakale. Ambiri amangokopera zimene zinali m'kalata yowalembera ntchito, monga kunena kuti ankayang'anira malipiro. Akauntanti aliyense anganene zomwezo. Kunena kuti ankakonza malipiro a antchito 140 mwezi uliwonse ndi kutumiza msonkho wawo ku MRA kumasonyeza kukula kwa katundu amene ankasenza. Manambala a chinsinsi cha kampani, monga phindu lake, sayenera kulembedwa.

Madeti amagwetsanso anthu mwakachetechete. Ngati pa LinkedIn palembedwa kuti anasiya ntchito mu 2021 koma pepala limene watumiza pofunsira ntchito likunena 2022, wowerenga amayamba kukayikira zina zonse, ndipo kawirikawiri safunsa chifukwa chake. Kuika ziwirizi pamodzi n'kuzifananitsa mwezi ndi mwezi kumathetsa nkhaniyo.

Chithunzi sichifuna ndalama. Cha pa ukwati, chimene phewa la mnzake likuonekera m'mphepete, chichotsedwe. Chojambula ndi foni masana, nkhope ikuoneka bwino, kumbuyo kuli khoma lopanda zinthu, n'chokwanira. Malo okhala nawonso akhale olondola, chifukwa amene anasamukira ku Lilongwe koma mbiri yake ikadali ku Mzuzu amasefedwa pamene wofufuza wasankha Lilongwe yekha.