Lisiti la mu Febuluwale ndi la chaka chiti cha ndalama?

Azakhali anga ndi msungichuma wa kagulu ka alimi kumudzi kwathu. Tsiku lina anandipatsa mulu wa malisiti kuti ndiwagawe m'zaka zake. Ine ndinkangoyang'ana chaka cholembedwa pa lisiti basi, ndiye la feteleza la pa 14 Febuluwale 2020 ndinaliponya m'chaka cha 2020/21. Powonkhetsa, K85,000 ya mu 2019/20 sinkaoneka komwe inapita. Tikanapanda kuona msanga, anthu akanati azakhali adya ndalama.

Ndinalakwitsa pati? Kagulu kawo kamatsegula mabuku pa 1 Julayi n'kutseka pa 30 Juni chaka chinacho. Choncho chaka cha ndalama cha 2019/20 chinayamba pa 1 Julayi 2019 n'kutha pa 30 Juni 2020. Febuluwale 2020 ali mkati mwenimweni mwa chaka chimenechi.

Njira yake ndi iyi: musayambe ndi chaka, yambani ndi nambala ya mwezi. Ngati mweziwo ndi 7 kapena kuposa, kutanthauza Julayi mpaka Disembala, chaka cha ndalama chayamba m'chaka chomwecho. Ngati ndi 1 mpaka 6, chotsani 1 pa chakacho. Lisiti langa lija mwezi wake ndi 2, ndiye 2020 − 1 = 2019. Ndi la 2019/20, osati 2020/21.

Pa kompyuta, mu Excel, tsikulo likakhala mu A2 mumalemba chonchi:

```
=IF(MONTH(A2)>=7,YEAR(A2),YEAR(A2)-1)
```

Imakupatsani chaka chimene chaka cha ndalama chinayambira. Ikatulutsa 2019, tsikulo lili mu 2019/20. Ikatulutsa china, lili kunja.

Chenjerani ndi kachizindikiro ka `>=`. Mukalemba `>` chokha, mwezi wonse wa Julayi ubwerera ku chaka chapitacho, ndipo kompyuta siyikuuzani kuti mwalakwitsa. N'chifukwa chake ine ndimayesa kaye ndi masiku awiri a m'malire. Tsiku la 30 Juni 2020 liyenera kutulutsa 2019, pomwe la 1 Julayi 2020 liyenera kutulutsa 2020. Onse akatulutsa zofanana, pali vuto.

Mayeso omwewa amagwiranso vuto lina. Kwathu kuno 01/07/2020 ndi 1 Julayi, koma kompyuta yotsatira kalembedwe ka ku Amereka imawerenga kuti 7 Januwale, n'kutulutsa 2019.

Pomaliza, musamangoganiza kuti aliyense amayamba mu Julayi. Boma la Malawi linkatero, koma kuyambira mu 2022 chaka chake cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo. Maboma a Kenya ndi Tanzania akadali pa Julayi. Kwa oyamba mu Epulo, 7 uja amakhala 4. Choncho musanagwire lisiti loyamba, funsani eni mabuku kuti chaka chawo chimayamba mwezi uti.