Akika: Dzina, Lezala ndi Mbuzi pa Tsiku Lachisanu ndi Chiwiri

M'midzi ya Asilamu ku Mangochi ndi Machinga, mayi akakhala woyembekezera, bambo wanzeru amayamba kuyang'ana m'khola. Chimene akukonzekera ndi akika, mwambo wothokoza Mulungu chifukwa cha khanda, umene umachitika pa tsiku lachisanu ndi chiwiri.

Titenge banja limene labadwitsa mwana wamwamuna Lachiwiri. Powerenga tsiku lobadwalo ngati loyamba, akika imagwa Lolemba. Pa tsikuli mwana amapatsidwa dzina la tanthauzo labwino, monga Abdullah, kutanthauza kapolo wa Mulungu.

Pa mwana wamwamuna amazinga mbuzi kapena nkhosa ziwiri, pa wamkazi imodzi. Apa ndi pamene alimi ena amaphonya, posankha chiweto chimene chatsala pang'ono kufa kuti asataye chabwino. Chiweto chodwala, chotsimphina, chakhungu diso limodzi kapena chowondetsa sichiloledwa. Msinkhunso ndi wofunika: ophunzira ena a Chisilamu amavomereza mbuzi ya chaka chimodzi, pamene otsatira chiphunzitso cha Imamu Shafi amafuna ya zaka ziwiri. Mlimi angadziwe msinkhuwu poyang'ana mano a m'munsi. Mano aakulu awiri amasonyeza kuti mbuzi yakwanitsa chaka, ndipo anayi amasonyeza kuti ili pafupi zaka ziwiri. Nyamayo sigulitsidwa. Banja limadyako, ina nkugawira achinansi ndi osauka, makamaka itaphikidwa kale.

Kenaka khanda limametedwa mutu wonse. Tsitsilo amaliyeza kulemera kwake, ndipo makolo amapereka sadaka yofanana ndi mtengo wa siliva wolemera chimodzimodzi, monga momwe Mtumiki Muhammad analangizira mwana wake Fatima atabereka Hasan. Ngati tsitsi lalemera magalamu 2, sadaka yake ndi ndalama zogulira magalamu 2 a siliva. Kumudzi kopanda sikelo yaing'ono, amangoyerekeza nkuonjezerapo pang'ono.

Pometa mpofunika lezala latsopano, manja osamba ndi sopo, ndiponso dzanja lodekha pa liwombo. Lezala lakale likatema khungu lingalowetse tizilombo ta kafumbata. Mwana akasiya kuyamwa, nsagwada zikauma kapena thupi likatentha, athamangire naye kuchipatala. Kupaka magazi a chiweto pamutu pa mwana nkoletsedwa, chifukwa unali mwambo wa Aluya Chisilamu chisanadze.

Nanga banja limene khola lake lili mbee? Ophunzira ambiri amati akika ndi suna, kutanthauza mchitidwe wa Mtumiki wolimbikitsidwa kwambiri, koma osati lamulo lokakamiza. Wosowa mbuzi ziwiri angazinge imodzi. Amene walephera pa tsiku lachisanu ndi chiwiri angachite pa tsiku la 14, la 21, kapena mtsogolo akadzapeza. Palibe chifukwa chogulitsira chimanga cha m'nkhokwe, ngakhalenso kutenga ngongole ya katapira, imene Chisilamu chimaletsa. Dzina, kumeta ndi sadaka ya tsitsi sizilira ndalama zambiri, ndipo zingachitike pa tsiku lake mbuzi ikukulabe m'khola.