Mawu a pa kompyuta oyenera kuwasiya m'Chingerezi polangiza ogwira ntchito

SALIMA – Akatswiri okonza makompyuta ku likulu la boma la Salima akamathandiza ogwira ntchito m'dera la Mfumu Yaikulu Maganga, monga ku Senga Bay, nthawi zina malangizo amapita pa foni. Uthenga wa m'Chichewa umamveka msanga, koma makompyuta a m'maofesi amalemba m'Chingerezi. Choncho wolemba uthenga amayenera kusankha mawu oti amasulire ndi oti awasiye momwe alili.

Mfundo yothandiza ndi yakuti mawu amene munthu akawafunefune ndi maso pa kompyuta asamasuliridwe, pamene zoti achite ndi chifukwa chake zilembedwe m'Chichewa.

Mwachitsanzo, kalaliki wa pa chipatala chaching'ono akadandaula kuti kompyuta ikuchedwa, katswiri angalembe kuti azimitse ndi kuyatsanso. Kalalikiyo adzasankha `Shut down`, kapenanso kuzimitsa magetsi pakhoma, pamene katswiri amatanthauza `Restart`.

Mawu awiriwa sagwira ntchito imodzi. Kuyambira pa Windows 8, yomwe idatuluka m'chaka cha 2012, makompyuta ambiri ali ndi `Fast Startup`. Ikakhala yotsegula, `Shut down` imasunga zina mwa zomwe kompyuta imachita kuti idzayake msanga, ndipo vuto likhoza kubwerera pamodzi nazo. `Restart` ndiyo imayambitsa zonse mwatsopano.

Uthenga wabwino ukadauza kalalikiyo kuti asunge kaye ntchito yake, adine `Start`, kenaka `Power`, ndi kusankha `Restart`, ndipo ukadaonjeza kuti kompyuta izima ndi kuyaka yokha. Pofuna kutsimikiza, katswiri angamupemphe kutsegula `Task Manager` ndi kuwerenga `Up time` pansi pa `Performance`. Ikaonetsa masiku angapo m'malo mwa mphindi zochepa, ndiye kuti malangizo sadamveke.

Chimodzimodzinso nambala ndi mawu amene kompyuta imaonetsa ikalephera ntchito. Awa akopedwe momwe alili kapena ajambulidwe pa foni, poti katswiri amafufuzira vuto pa zilembo zenizenizo.

Komabe pali mawu oyenera kumasulira, makamaka a chenjezo. Anthu adazolowera kale mawu akuti nambala yachinsinsi kudzera mu TNM Mpamba ndi Airtel Money, choncho uthenga woletsa kuuzana mawu achinsinsi olowera mu IFMIS umagwira mtima ukalembedwa m'Chichewa. Nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ya m'chaka cha 2013 idaonetsa kuopsa kosasamala za amene akulowa mu IFMIS.

Mawu obwereka monga kompyuta, foni, netiweki ndi intaneti adakhazikika kale, ndipo kuwapekera ena atsopano kumangosokoneza owerenga. Chofunika n'chakuti ofesi isankhe liwu limodzi pa chinthu chimodzi ndi kulisunga m'mauthenga ake onse.