Kapepala kophunzitsa kutapa ndalama kwa ejenti

Mukakhala pafupi ndi ambulera ya ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba tsiku la msika, simuchedwa kuona izi: mayi wachikulire akupereka foni yake kwa ejenti, nanena mokweza nambala yake yachinsinsi, anthu ali pamzere akumva. Mayiyo si wosasamala ayi, koma palibe anamusonyezapo kuti atha kutapa yekha ndalamazo. Wolemba kapepala kofotokoza ntchito ya ejenti aziganizira mayi ameneyu kuyambira chithunzi choyamba mpaka chomaliza.

Ejenti amachita zambiri, koma kapepala kamodzi kaphunzitse chinthu chimodzi. Ine ndingasankhe kutapa, chifukwa ndi pamene nambala yachinsinsi imafunika, ndipo ndi pamenenso anthu amaberedwa. Pepala la A4 lopindidwa pakati limapereka masamba anayi, ndipo zithunzi zisanu ndi chimodzi zimakwana bwino pa masamba awiri am'kati.

Titenge munthu wofuna kutapa K20,000. Olemba ambiri amathamangira kujambula foni, koma chithunzi choyamba chikhale cha munthu akufunsa ejenti ngati ali ndi ndalama zokwanira. Chifukwa chake n'chakuti ejenti ali ngati munthu wa matumba awiri. Thumba lina ndi la ndalama zogwirika, lina ndi la ndalama za m'foni zimene amazitcha fuloti. Mukatapa, K20,000 imachoka m'foni mwanu kupita ku fuloti yake, iye n'kukupatsani za m'thumba. Thumbalo likauma sangakuthandizeni, ngakhale foni yanu itadzaza bwanji. Mivi iwiri, wina kuchoka pa foni kupita pa foni, wina kuchoka m'dzanja la ejenti kupita m'dzanja la kasitomala, imafotokoza zonsezi kuposa ndime yathunthu.

Chachiwiri chisonyeze nambala ya ejenti imene imalembedwa pa chikwangwani chake. Ikhale pamaso munthu asanaimbe, pakuti mndandanda wa pa foni umazima ukachedwa kuyankha, ndiye wofufuza nambala ali pakati amayambiranso. Chachitatu ndicho choimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba. Apa musangolemba kuti "dinani 2". Makampani amasintha kaimidwe ka mndandanda, ndipo kapepala kosindikizidwa chaka chino kangadzasokeretse anthu chaka chamawa. Koperani mawu enieni oonekera pa foni, ndipo muyeserere nokha tsiku lopita kukasindikiza.

Chachinayi ndi cha kulemba nambala ya ejenti ndi ndalama. Manambala alembedwe monga amalowera m'foni, 20000, popanda K kapena kachizindikiro kolekanitsa. Pansi pake pakhale chiganizo chimodzi: "Kutapa kumalipiritsa, choncho m'foni mukhale ndalama yoposa imene mukutapa." Mitengo yeniyeni isalembedwe, chifukwa imasintha. Muuzeni munthu aone pa chipepala cha mitengo chimene ejenti amapachika.

Chachisanu ndiye mtima wa kapepala, ndipo chikule kuposa zinzake. Jambulani mayi uja atatembenukira kumbali, dzanja lina litaphimba foni, akulemba yekha manambala ake anayi. Ojambula ena amakonda kusonyeza munthu akupereka foni kwa ejenti, n'kudula chithunzicho ndi mtanda. Ine sindigwirizana nazo. Wosazolowera zizindikiro amaona kupereka foni, mtandawo sauwerengera, ndiye amaphunzira chimene mumafuna kuletsa. Jambulani zoyenera kuchita, zoletsedwa zinenedwe m'mawu achidule: "Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale ejenti."

Chomaliza chisonyeze uthenga utafika pa foni, ndi dzanja likuwerenga mapepala anayi a K5,000 munthu asanachoke pamalopo. Tsamba la kumbuyo lichenjeze za akuba amene amaimba ponena kuti atumiza ndalama molakwitsa: musabweze kanthu musanaone ndalama zimene zilidi m'foni mwanu.

Pali msampha wina umene umaiwalika. Kufiira kwa Airtel ndi kubiriwira kwa TNM kumasanduka imvi zokhazokha kapepala kakapita pa fotokope, choncho dzina la kampani lilembedwe m'mawu pambali pa nambala yake yoimba.

Musanasindikize ambiri, perekani kapepala kwa anthu asanu amene sanatapepo okha, inu mukhale chete. Musawafunse ngati amva, chifukwa mwaulemu adzangoti "eya, tamva". Apempheni akufotokozereni zimene akuona pa chithunzi chilichonse, kenako ayesere pa foni. Atatu akaima pa chithunzi chimodzi n'kukuyang'anani, chithunzicho chijambulidwenso.