Wonga wa mfuti unapezeka pofunafuna mankhwala

Zophulikaphulika zimene zimamveka ku Kabwata, Chelstone ndi Kabulonga usiku wolowa caka catsopano zimauluka ndi mphamvu ya wonga, ufa wakuda umenenso alenje akale anali kuthila m'mfuti za gogodela. Amene anapeza ufawu sanali asilikali ai, koma asing'anga a ku Chaina omwe anali kufunafuna mankhwala oletsa imfa.

Asing'angawa, omwe anali a cipembedzo ca Tao, anali kusakaniza ndi kuwotca miyala ya mitundumitundu. Pakati pa zimene anali kuyesa panali sulufule ndi mcele wina woyela wocedwa solotipita, umene umayanga pa dothi la m'mapanga ndi m'makola. Iwo anali kuuzindikila pouponya pamoto, cifukwa lawi lake limakhala lofiilila mobiliwila.

Buku lina la m'zaka za m'ma 800 linacenjeza kuti ena amene anawotca mcelewu pamodzi ndi sulufule ndi uci anapsa manja ndi nkhope, ndipo nyumba yonse inanyeka. Uci ukapselela umasanduka makala, motelo anthuwa anali atapanga wonga osadziwa. Kufikila lelo Achaina amaucha wonga kuti mankhwala a moto.

Cinsinsi cagona pa mcelewo. Makala a pa mbaula amayaka pang'onopang'ono cifukwa amadalila mpweya wakunja, ndiye cake amai amakupiza moto ukafuna kuzima. Solotipita ikatentha imatulutsa yokha mpweya woyakitsa moto, mwakuti makala opela amapsa onse m'kuphethila kwa diso ngakhale atsekeledwe. Utsi wotentha umasowa kotulukila ndipo umakankha cipolopolo kapena kuswa cotengela. Koma mcelewu umasungunuka m'madzi, conco wonga ukanyowa mfuti imakana kulila.

Malangizo oyamba olembedwa a kapangidwe ka wonga ali m'buku la asilikali a ku Chaina la mu 1044. Wonga umenewo unali ndi solotipita pafupifupi theka cabe, ndipo unali kuyaka koposa kuphulika, motelo anali kuumanga ku mivi yowotcela malinga a adani. Mphamvu yophulika inakula pamene mcelewu unawonjezedwa kufika magawo 75 pa 100 alionse.

M'zaka za m'ma 1200, pamene Amongo anali kugonjetsa maiko a ku Asiya, nzeluzi zinafika kwa Aluya, omwe anacha solotipita kuti cipale ca ku Chaina. Ku Ulaya, Roger Bacon analemba za wonga ca m'ma 1267.

Ku cigwa ca Zambezi wonga unabwela ndi Apwitikizi, amene anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530. Pambuyo pake Acikunda, asilikali ndi alenje a eni minda a Cipwitikizi, anakwela nawo mtsinje kudutsa ku Zumbo, kutsidya kwa tauni ya Luangwa, akusinthanitsa mfuti ndi wonga ndi minyanga ya njovu komanso akapolo.